Mmene Mungagwirire Madzi Othiridwa mu Mkaka

Mkaka wothiridwa madzi pang'ono suoneka ndi maso. Mukhoza kuuyang'anitsitsa, kuununkhiza, ngakhale kuulawa, koma ngati pa malita 10 alionse pali lita imodzi yokha ya madzi, umayerabe mbee ngati mmene unatulukira ku bere. Ena amadontheza kadontho pa chikhadabo kapena pa galasi lopendekeka n'kuona ngati kakusiya mzere woyera. Njira imeneyo imagwira mkaka okhawo umene wasungunulidwa mopitirira muyeso, ndipo sindingakulangizeni kubweza mkaka wa munthu chifukwa cha iyo.

Pali mboni zitatu zimene zinganene zoona: kulemera kwa mkaka, mlingo wa kuzizira pamene mkakawo umaundana, ndi mankhwala angapo oyezera zinthu zimene anthu amathiramo pofuna kubisa madzi. Iliyonse ili ndi pamene imanamizika. Mphamvu yake ili pozifunsa motsatana n'kuona ngati zikugwirizana. Manambala onse amene ndipereke pano ndi a mkaka wa ng'ombe.

Yambani ndi kutenga sampulo yoyenera

Zolakwika zambiri zimachitika chipangizo chisanakhudze n'komwe mkaka. Mkaka ukakhala osagwedezeka, mafuta amakwera pamwamba. Mukatunga pamwambapo mupeza mkaka wopepuka, ndipo mudzaganiza kuti muli madzi pomwe mulibe. Mukatunga pansi mupeza wolemera, ndipo madzi enieni akhoza kukudutsani.

Choncho takasani mkaka wonse wa m'chigubu kuchokera pansi kufika pamwamba, modekha, kwa theka la mphindi kapena kuposerapo. Ngati ndi wochepa, ukhuthulireni m'chiwiya china n'kuubwezanso, katatu kapena kanayi. Musaukhutchumule mwamphamvu chifukwa mpweya ukalowamo umaupepuza. Botolo lotengera sampulo likhale louma kwenikweni. Madontho ochepa a madzi otsukira otsalira m'kabotolo kakang'ono ndi okwanira kuti makina oyeza kuundana anene kuti muli madzi.

Tengani mamililita pafupifupi 300 oyezera kulemera, ndi ena 50 m'kabotolo kotseka bwino amene muwasunge pozizira, pa madigiri 4 kapena kucheperapo pang'ono, kuti adzagwire ntchito pa mayeso otsatira. Lembani pa kabotoloko tsiku, nthawi ndi chigubu chimene mwatungamo.

Mboni yoyamba: kulemera

Lita imodzi ya madzi imalemera pafupifupi magalamu 1,000. Lita imodzi ya mkaka wabwino imalemera magalamu 1,028 mpaka 1,033. Kusiyana kumeneku kumabwera chifukwa cha mapuloteni, shuga wa mu mkaka wotchedwa lakitozi, ndi michere, zomwe zonse n'zolemera kuposa madzi. Mafuta okha ndi amene ali opepuka kuposa madzi. Mfundo imeneyi muisunge, tidzaifunanso.

Chipangizo choyezera ndi lakitomita, kagalasi kotupa kumunsi ndi kam'tsitsi kowonda kumtunda kolembedwa manambala. Kamayandama mu mkaka. Mkaka ukakhala wolemera kamakwera, ukakhala wopepuka kamamira. Manambala ake amangolemba mbali yomaliza ya kulemerako: 30 akutanthauza magalamu 1,030 pa lita, ndipo 26 akutanthauza magalamu 1,026.

Musanayambe, werengani pa kam'tsitsiko kapena pa pepala lake kuti lakitomita yanu inakonzedwera kutentha kwanji. Ena anakonzedwera madigiri 15.5, ena 20, ena 27. Anthu ambiri sayang'ana zimenezi ndipo amawerenga molakwa chaka chonse. M'malangizo ano ndikugwiritsa ntchito ya madigiri 20.

Kayezedwe kake ndi aka.

1. Bweretsani mkaka pafupi ndi madigiri 20, pakati pa 15 ndi 25, pouika m'madzi ozizira kapena ofunda uli m'botolo lake.
2. Uthireni m'silinda yoyezera mopendeketsa, uzitsetsereka m'mbali, kuti pasakhale thovu. Dzazani mpaka pafupi ndi pakamwa. Silindayo ikhale yotakata moti lakitomita isakhudze m'mbali.
3. Tsitsani lakitomita pang'onopang'ono, osaiponya, ndipo muisiye idziimire yokha.
4. Dikirani theka la mphindi kufika mphindi imodzi. Mukachedwetsa kwambiri mafuta ayamba kukwera.
5. Weramani kuti diso lanu lifanane ndi pamwamba pa mkaka. Mkaka umakwera pang'ono pa kam'tsitsiko, ndipo poti suonekera mkati, werengani pamwamba pa pomwe wakwerapo.
6. Nthawi yomweyo yezani kutentha kwa mkakawo ndi themometa.

Tsopano konzani nambalayo. Mkaka wofunda umafufuma pang'ono n'kupepuka, wozizira umalemera. Pa digiri iliyonse yopitirira 20 wonjezerani 0.2, ndipo pa digiri iliyonse yochepera 20 chotsani 0.2. Mukawerenga 29 mkaka uli pa madigiri 24, nambala yoona ndi 29.8. Mukawerenga 29 yomweyo mkaka uli pa madigiri 16, nambala yoona ndi 28.2. Kukonza kumeneku n'kodalirika pokhapokha kusiyana kusapitirire madigiri 5. Mkaka wa madigiri 33 musauwerengere masamu, uziziritseni.

Palinso vuto la mkaka wongokamidwa kumene. Umakhala ndi timpweya tambiri ndipo mafuta ake amakhala akadali amadzimadzi, choncho umaonetsa nambala yotsika ndi pafupifupi 1 poyerekeza ndi imene udzaonetse patapita maola angapo. Ngati simungadikire maola awiri kapena atatu, kapena ngati mukufuna kuti masampulo onse ayezedwe mofanana, tenthetsani sampulo kufika madigiri 40, muisunge pamenepo mphindi 5, muitakase modekha, kenako muiziziritse kufika 20.

Nambala yokonzedwa ya 28 mpaka 33 ndi ya mkaka wabwinobwino. Ikatsika pansi pa 28 pali chokayikitsa, ndipo ikafika 26 kapena kutsika apo, pa mkaka wosakaniza wa ng'ombe zingapo, kawirikawiri ndi madzi. Madzi okwana 10 peresenti amatsitsa nambala ndi pafupifupi 3. Ndikulangizani kuti mudzionere nokha kamodzi: tengani mamililita 900 a mkaka umene mwauona ukukamidwa, muuyeze, muthiremo mamililita 100 a madzi, muyezenso. Mukaona 30 akusanduka 27 ndi maso anu, mudzayamba kuikhulupirira lakitomita yanu, ndipo ngati sizitero mudzadziwa kuti chipangizocho kapena kawerengedwe kanu kali ndi vuto.

Kufooka kwa njirayi kukuonekera m'manambala omwewo. Mkaka umene mwachibadwa uli pa 32 ukhoza kulandira madzi 10 peresenti n'kufika pa 28.8, n'kudutsa popanda wouletsa. Chachiwiri ndi mfundo ya mafuta ija. Munthu akaengula kirimu, mkaka umalemera chifukwa wataya chinthu chopepuka. Mkaka wochotsedwa mafuta onse umafika pa 35 kapena 36. Akathiramo madzi umapepukanso n'kubwerera pakati. Zolakwa ziwiri zimafufutana, lakitomita n'kunena kuti zonse zili bwino.

Yezaninso mafuta

Ichi n'chifukwa chake lakitomita siyenda yokha. Mnzake ndi muyeso wa mafuta. Njira yakale yodalirika ndi ya Gerber: m'kagalasi kake kapadera mumathira mamililita 10 a asidi wa safyuriki, kenako mkaka pafupifupi mamililita 11, kenako mililita imodzi ya mowa wa amilo. Mumatseka, kusakaniza, kuzunguza pa makina kwa mphindi 5, kuika m'madzi a madigiri 65, n'kuwerenga mafuta pa khosi la kagalasiko. Asidiyo amawotcha khungu ndi maso, ndipo kagalasiko kamatentha kwambiri posakaniza, choncho valani magalasi oteteza maso ndi magolovesi, ndipo muphunzire kwa munthu amene anachitapo. Ngati muli ndi makina amagetsi oyeza mkaka, mafuta mungawawerenge pamenepo.

Mukakhala ndi manambala awiriwa mungathe kupeza kuchuluka kwa zolimba zopanda mafuta, kutanthauza mapuloteni, lakitozi ndi michere pamodzi. Pa mapepala ndi pa makina zimalembedwa kuti SNF. Kwa lakitomita ya madigiri 20:

```
SNF = (0.25 × L) + (0.22 × F) + 0.72
```

Apa L ndi nambala ya lakitomita yokonzedwa kale, F ndi peresenti ya mafuta. Lakitomita yokonzedwera kutentha kwina ili ndi manambala ake, choncho musasakanize.

Ubwino wa SNF ndi woti kuengula kirimu sikuitsitsa, koma madzi amaitsitsa nthawi zonse. Malamulo a mayiko ambiri amaika malire pa 8.5 peresenti, ena pa 8.25. Mkaka ukatsika pansi pa malirewo, madzi ake amayerekezedwa motere:

```
madzi % = (8.5 − SNF) ÷ 8.5 × 100
```

Yankho la masamu amenewa muziliona ngati lochepetsetsa. Ng'ombe zambiri zimatulutsa mkaka wa SNF yoposa 8.5, ndiye madzi enieni amakhala ochuluka kuposa amene masamu anena.

Mboni yachiwiri: kuundana

Iyi ndiye mboni yamphamvu, ndipo chifukwa chake chili m'thupi la ng'ombe. Mkaka ukamapangidwa m'bere, kuchuluka kwa tinthu tosungunuka mmenemo kumayenera kufanana ndi kwa m'magazi. Magazi sasinthasintha, choncho mkakanso susintha kwenikweni pa mbali imeneyi. Lakitozi akachepa, michere imachuluka kuti zilingane. Mafuta akhoza kukhala 3 peresenti lero, 5 peresenti mwezi wamawa, koma tinthu tosungunukato timakhala pafupifupi chimodzimodzi.

Madzi enieni amaundana pa 0. Chilichonse chosungunuka m'madzi chimatsitsa mlingo umenewu, ndipo mu mkaka ntchito yaikulu imagwiridwa ndi lakitozi ndi michere, makamaka kolorayidi. Mafuta sasungunuka, ndipo mapuloteni ndi aakuluaakulu moti mbali yawo ndi yochepa kwambiri. Zotsatira zake n'zakuti mkaka wa ng'ombe umaundana pafupi ndi madigiri −0.520, ndipo mkaka wosakaniza wa khola lonse suchoka kutali ndi apo. Mukathira madzi, nambalayi imasendera ku 0: peresenti iliyonse ya madzi imaikweza ndi pafupifupi 0.005. Kuengula kirimu sikuisuntha n'komwe, ndiye chinyengo chimene chinapusitsa lakitomita pano chimagwidwa.

Kusiyana kwa 0.005 simungakuone ndi themometa wamba kapena firiji ya kunyumba. Pamafunika makina otchedwa kirayosikopu, ndipo kayezedwe kovomerezeka padziko lonse kali mu muyezo wa ISO 5764. Ngati mulibe makinawa, kabotolo ka mamililita 50 kaja katumizeni ku labotale kali kozizira. Dziwaninso kuti makina ambiri otchipa amagetsi amene amaonetsa nambala ya kuundana saziziritsa mkakawo, amangoiwerengera kuchokera ku miyeso ina. Ndi othandiza posefa, koma pa mkangano amafunika kirayosikopu yeniyeni.

Kwa amene ali nayo, ntchito imayenda motere. Yatsani makina ndipo muwasiye akhazikike monga mwa malangizo ake. Ayeseni ndi madzi amchere okonzedwa kale amene amadziwika kuti amaundana pa −0.408 ndi −0.600, kenako mutsimikize ndi ena apakati, monga a −0.512. Pimani mamililita 2.5 a mkaka, kapena muyeso umene makinawo amafuna, m'kachubu kouma. Makina amaziziritsa mkaka kufika pafupifupi −3 usanaundane, kenako amaugwedeza mwadzidzidzi. Umaundana nthawi yomweyo, kutentha n'kukwera msanga n'kukaima pa mlingo wina. Pamene paimapo ndiye nambala yanu. Pukutani kansonga koyezera ndi pepala louma musanaike sampulo ina, ndipo sampulo iliyonse muiyeze kawiri. Mayankho awiriwo akasiyana kwambiri, bwerezani ndi kachubu katsopano, osati komwe kaundana kale.

Yang'aninso chilembo chili pambali pa nambala. Mabuku akale ndi makina ena amagwiritsa ntchito madigiri a Hortvet, olembedwa °H, otchedwa ndi dzina la katswiri amene anakonza njirayi mu 1921. Pa muyeso umenewo −0.540 °H ndi chimodzimodzi ndi pafupifupi −0.521 °C. Munthu akayerekeza nambala ya °C ndi malire olembedwa mu °H, apeza madzi oposa 3 peresenti mu mkaka wopanda vuto.

Masamu ake ndi awa, pomwe T0 ndi kuundana kwa mkaka weniweni ndipo T ndi kwa sampulo:

```
madzi % = (T0 − T) ÷ T0 × 100
```

Nkhani yonse ili pa T0. Ngati mulibe nambala ya khola lomwelo, anthu amatenga −0.520, koma pamenepo musagamule pa madzi a 1 kapena 2 peresenti. Mtundu wa ng'ombe, nyengo, chakudya ndi nthawi imene zamwa madzi zimasuntha nambalayi pang'ono, ndipo ng'ombe zosadya mokwanira zikhoza kutulutsa mkaka wa −0.510 popanda aliyense kuthiramo kanthu.

Chinthu chimodzi chimene chimawononga muyesowu ndi kusasa. Tizilombo tikamaswa lakitozi, kanthu kamodzi kamasanduka tinthu tinayi ta asidi, tosungunuka tonse, ndipo nambala imatsika n'kubisa madzi. Choncho yambani mwayeza asidi. Mkaka watsopano umakhala pa 0.14 mpaka 0.16 peresenti, ndipo ukapitirira 0.18 yankho la kirayosikopu silingadaliridwe. Mankhwala osungira sampulo nawonso amatsitsa nambala, choncho sampulo yopita ku kirayosikopu muziisunga ndi kuzizira kokha.

Chigubu chimodzi, kuyambira poyamba mpaka pomaliza

Tiyerekeze kuti mwalandira chigubu cha malita 40. Mwatakasa, mwatunga. Lakitomita ikuonetsa 26.0 ndipo themometa ikuti madigiri 24. Madigiri 4 kuchulukitsa ndi 0.2 ndi 0.8, choncho L ndi 26.8. Ili pansi pa 28, ndiye mupitiriza.

Mafuta mwapeza 3.3 peresenti. Kota ya 26.8 ndi 6.70, 0.22 kuchulukitsa ndi 3.3 ndi 0.73, kuphatikiza 0.72, SNF ikukwana 8.15. Poyerekeza ndi 8.5, masamu akuti madzi ndi 4 peresenti. Kumbukirani kuti limeneli ndi yankho lochepetsetsa.

Asidi ali pa 0.14, ndiye sampulo ikhoza kupita ku kirayosikopu. Yankho labwera: −0.468. Kusiyana kwake ndi −0.520 ndi 0.052, ndipo 0.052 kugawa ndi 0.520 ndi 0.10. Madzi ndi 10 peresenti, malita pafupifupi 4 mwa 40 aja.

Nanga n'chifukwa chiyani njira imodzi yati 4, ina yati 10? Mawa lake mukupita kukaonerera ng'ombe zomwezo zikukamidwa, m'ziwiya zouma, pa ola lomwe zimakamidwa masiku onse. Mkaka umenewo ukupereka L ya 29.8, mafuta 3.7, SNF 8.98, kuundana −0.520. Tsopano ikani 8.98 m'malo mwa 8.5: kusiyana ndi 0.83, kugawa ndi 8.98, mupeza 9 peresenti ndi pang'ono. Onaninso kuti 29.8 anatsika kufika 26.8 ndipo 3.7 anatsika kufika 3.3, zonse ndi gawo limodzi mwa magawo 10. Ichi ndiye chizindikiro cha madzi okhaokha: chilichonse chimatsika pa mlingo wofanana.

Chigubu china chikhoza kukupatsani L ya 28.5, imene ikudutsa, koma mafuta 2.4. SNF yake ndi 8.37 ndipo kuundana −0.478, kusonyeza madzi 8 peresenti. Ngati mkaka weniweni wa ng'ombezo uli ndi mafuta 3.8, madzi 8 peresenti sangawatsitse kufika 2.4; akanawafikitsa pa 3.5. Otsalawo anaengulidwa. Mukanadalira lakitomita yokha, chigubu chimenechi mukanachilandira.

Mboni yachitatu: mankhwala

Amene wadziwa kuti mumayeza amayamba kuthira zinthu zobisira. Shuga, sitachi ndi yureya zimakweza lakitomita. Mchere, shuga ndi yureya zimatsitsanso kuundana, moti ngakhale kirayosikopu ikhoza kunamizidwa. Chokudzutsani ndi kusagwirizana kwa manambala: mafuta atsika koma L ili bwino, kapena SNF yatsika koma kuundana kuli pa −0.520, kapena kuundana kwatsika kupitirira −0.550 mkaka usanasase. Mukaona zotere tulutsani machubu.

Lamulo limodzi pa mayeso onsewa: nthawi zonse yezani limodzi ndi chubu cha mkaka umene mukuudziwa kuti ndi weniweni. Mitundu ya mankhwalawa imaweruzidwa poyerekeza, ndipo popanda chubu chofanizira diso limaona zimene mtima ukufuna.

Sitachi ndiye wosavuta. Wiritsani mamililita 3 a mkaka, muusiye uzizire, mudonthezeremo madontho awiri kapena atatu a ayodini wa 1 peresenti. Ukasanduka wabuluu muli sitachi kapena ufa. Mkaka weniweni umangoonetsa kachikasu ka ayodiniyo. Mudikire uzizire ndithu, chifukwa mtundu wabuluu suoneka mkaka uli wotentha.

Pa mchere, thirani m'chubu mamililita 5 a siliva nayitireti wa 0.134 peresenti, amene pa botolo amalembedwa AgNO3, ndi madontho awiri a potaziyamu kirometi wa 10 peresenti. Zifiira ngati njerwa. Onjezerani mililita imodzi yeniyeni ya mkaka n'kugwedeza. Kufiirako kukatsala, kolorayidi ali pansi pa 0.14 peresenti, mmene zimakhalira mu mkaka wabwino. Zikasanduka zachikasu, kolorayidi wachuluka. Koma samalani pano: ng'ombe yodwala matenda otupitsa bere, kapena imene yatsala pang'ono kusiya kukamidwa, imatulutsa mkaka wa mchere wambiri mwachibadwa. Chikasu pa mkaka wa ng'ombe imodzi chikhoza kukhala matenda. Chikasu pa chigubu chosakaniza chimene SNF yake yatsikanso ndi nkhani ina. Siliva nayitireti amadetsa khungu ndipo amawonongeka ndi kuwala, choncho musungeni m'botolo lakuda.

Shuga wa nzimbe amapezedwa ndi rezosinolo. Sakanizani mililita imodzi ya mkaka ndi mililita imodzi ya rezosinolo wa 0.5 peresenti wosungunulidwa mu asidi wa hayidirokuloriki wochepetsedwa mphamvu, n'kuimika chubucho m'madzi owira kwa mphindi 5. Kufiira ndiye shuga wothiridwa. Lakitozi wa mu mkaka sapereka mtundu umenewu m'mphindi zimenezo, koma mukawiritsa nthawi yaitali chubu chilichonse chimayamba kuda, ndiye gwiritsani ntchito wotchi.

Yureya amayezedwa ndi mankhwala olembedwa DMAB, a 1.6 peresenti, posakaniza muyeso wofanana ndi mkaka. Mkaka uliwonse uli ndi yureya wake wochepa, choncho ngakhale chubu chofanizira chidzaonetsa kachikasu kotuwa. Chimene mukufuna ndi chikasu chowala, chosiyana poyera ndi cha chubu chinacho.

Pali muyeso umodzi umene umafufuza madziwo mwachindunji. Mkaka wa ng'ombe umakhala pafupifupi wopanda nayitireti, pomwe madzi a m'zitsime ndi m'madambo, makamaka pafupi ndi minda yothiridwa feteleza, nthawi zambiri amakhala naye. Mankhwala a dayifenilamini osungunulidwa mu asidi wa safyuriki amasanduka abuluu akakumana ndi nayitireti. Buluu akaoneka, madzi akunja alowamo, ndipo ndi madzi amene mwina si aukhondo. Akapanda kuoneka simunatsimikize kanthu, chifukwa madzi a mvula kapena oyeretsedwa bwino sapereka mtundu. Popeza asidi wake ndi woopsa, uwu ndi muyeso wa mu labotale. Timapepala toyezera nayitireti m'madzi tingathandize posefa, bola mutatiyesa kaye pa mkaka weniweni ndi pa mkaka umene mwathiramo nokha madzi a pachitsime.

Musanamuloze chala munthu

Manambala amanena kuti mu mkaka muli madzi. Sanena kuti anathira ndani, kapena ngati anachita dala. Madzi a 1 mpaka 3 peresenti kawirikawiri amachokera ku ziwiya: chigubu chotsukidwa koma chosaumitsidwa, mapaipi a makina okamira amene madzi otsukira anatsalira m'makona, thanki yoziziritsira imene sinakhetsedwe, kapena chizolowezi chokankha mkaka womaliza m'mapaipi ndi madzi. Mamililita 400 okha otsalira pansi pa chigubu cha malita 40 ndi 1 peresenti kale.

Ng'ombe nayo ikhoza kusokoneza lakitomita. Mkaka wa mafuta ambiri umaonetsa L yotsikirapo, ndiye L ya 27.5 yokhala ndi mafuta 5.5 si yofanana ndi L ya 27.5 yokhala ndi mafuta 3.0. Mkaka woyamba wachikasu wa ng'ombe yongobereka kumene umaonetsa L yokwera kwambiri. Mkaka wa bere lodwala umakhala ndi SNF yotsika koma kuundana kwake kumakhala pafupifupi bwinobwino, chifukwa mchere walowa m'malo mwa lakitozi, ndipo zimenezi zimafanana kwambiri ndi mkaka wothiridwa madzi ndi mchere.

Chimene chimathetsa mkangano ndi sampulo yoonerera ija. Itengedwe pasanapite masiku awiri kapena atatu kuchokera pa sampulo yokayikitsa, pa nthawi yofanana ya kukama, kwa ng'ombe zomwezo, zikamidwe mpaka kutha, mwini wake ali pomwepo. Yang'anani nokha kuti ndowa, sefa ndi chigubu n'zouma musanayambe. Sakanizani mkaka wonse, mugawe sampulo pawiri, imodzi mumusiyire mwini ng'ombe itatsekedwa ndi kulembedwa. Ngati sampulo yoonererayo ikupereka −0.520 pomwe ya dzana inapereka −0.468, madzi analowa mkaka utachoka kale ku bere, ndipo chotsala n'kulondola njira imene chigubu chinayenda. Ngati nayonso ikupereka −0.508 ndi SNF ya 8.2, mofanana ndi sampulo imene munaikayikira, mkakawo sunathiridwe kanthu. Pamenepo funsani zimene ng'ombezo zikudya, ndipo muyeze mabere ake limodzilimodzi.